Mpata wochepetsetsa pa shafiti: tiwerengere tsoka lonse kapena tidalire mwayi?

Palibe chitsulo chimene chimachoka pa makina chili ndi muyeso ndendende umene unalembedwa pa pulani. Mukalamula sipesa ya mamilimita 20, mudzalandira ya 20.04 kapena ya 19.93, ndipo zonse ziwirizi ndi zabwino malinga zili mkati mwa malire amene wojambula analola. Malire amenewa, amene pa ntchito amangoti tolelansi, amalembedwa pambali pa muyeso: 20 ±0.10 ndiye kuti kuyambira 19.90 kukafika 20.10. Pa chitsulo chimodzi iyi si nkhani. Imakula zitsulo zikandandalikidwa china kumbuyo kwa chinzake, chifukwa kumapeto kwa mzerewo kumatsala mpata umene palibe amene anausema kapena kuupima. Mpatawo ndi zotsalira za miyeso ya zitsulo zonse, ndipo kulakwitsa kulikonse kumene kunaloledwa m'njiramo kumakaunjikana pomwepo.

Mainjiniya ali ndi njira ziwiri zodziwiratu kuti mpatawo ungachepe mpaka pati. Yoyamba imayerekeza kuti zonse zaipa nthawi imodzi: chilichonse chodya malo chatalika mpaka pa malire ake, ndipo malo olowamo afupika mpaka pa malire awo. Yachiwiri imati tsoka lotere siligwa kawirikawiri, choncho tiwerengere zimene zimachitikadi. Ndikufuna tiziyese zonse ziwiri pa shafiti imodzi, chifukwa mkanganowu umamveka bwino manambala akakhala poyera.

Shafiti yathu ndi ya mamilimita 25 kunenepa kwake, ndipo ili ndi phewa mbali imodzi. Paphewapo patsamira beyaling'i ya nambala 6205. Kenako pabwera giya, sipesa, beyaling'i ina ya 6205, ndipo chotsekera zonse ndi sekilipu imene imakhala m'kangalande kosemedwa mozungulira shafiti. Ngati zitsulo zinayizi zatalika mpaka kuphimba mbali ya kangalandeko, sekilipu silowa. Ngati zafupika kwambiri, giya imasewera uku ndi uku pa shafiti. Tinene kuti wopanga makinawa akufuna kuti mpata usatsike pansi pa ziro ndipo usapitirire 0.60.

Zitsulo zina timagula m'sitolo ndipo malire ake sitingawasinthe. Beyaling'i ya 6205 imalembedwa kuti ndi ya mamilimita 15 m'lifupi, koma malinga ndi ISO 492, pa gulu lake la masiku onse, siloledwa kupitirira 15.00 ndipo imatha kutsika mpaka 14.88. Sekilipu ya DIN 471 ya shafiti ya 25 ndi yochindikala 1.20, ndipo nayonso imangololedwa kupyapyala, mpaka 1.14. Zina zitatu timasema tokha, ndipo pulani yathu ikuti giya ndi 30 ±0.10, sipesa ndi 20 ±0.10, ndipo mtunda wochokera paphewa kukafika ku khoma lakunja la kangalande ndi 81.40 ±0.10.

Ntchito yoyamba si kuwerenga ayi, ndi kulondola unyolo wa miyeso. Mumayambira mbali imodzi ya mpata, n'kuyenda chitsulo ndi chitsulo, podutsa pokhapokha pamene zitsulo zikukhudzanadi, mpaka mutatulukira mbali inayo. Pano tiyambira pa nkhope ya beyaling'i yachiwiri, tibwerera m'mbuyo kudutsa beyaling'iyo, sipesa, giya ndi beyaling'i yoyamba mpaka paphewa. Tikatero tilowa m'shafiti momwe, tiyenda kutsogolo mpaka ku khoma lakunja la kangalande, ndiye tibwerera pang'ono podutsa sekilipu. Muyeso umene ukakula umakuzanso mpata timaupatsa chizindikiro chophatikiza, ndipo pano ulipo umodzi wokha, wa shafiti. Isanu yotsalayo imadya mpata, choncho ndi yochotsera.

Khoma lakunja ndilo tasankha chifukwa zitsulo zikakankha sekilipu, iyo imakatsamira kumeneko. Wojambula akalemba muyeso wake kufika ku khoma lamkati, ndiye kuti m'lifupi mwa kangalande mwalowanso mu unyolo, pamodzi ndi malire ake a 0.14 amene DIN 471 imalola. Shafiti ndi yomweyo, koma kalembedwe kokha ka pulani kawonjezera muyeso wachisanu ndi chiwiri umene sunafunike.

Munthu wofulumira amangophatikiza manambala akuluakulu a pa pulani: 15, 30, 20, 15 ndi 1.2 zimakwana 81.20. Akachotsa pa 81.40 amapeza 0.20, n'kunena kuti mpata ulipo. Nambala imeneyi siuza munthu kanthu, pakuti si mpata wochepetsetsa, komanso si mpata wa pakati. Wowerengera zoipitsitsa amachita motere:

```
81.30 - (15.00 + 30.10 + 20.10 + 15.00 + 1.20) = -0.10
81.50 - (14.88 + 29.90 + 19.90 + 14.88 + 1.14) = +0.80
```

Mzere woyamba watenga shafiti yofupikitsitsa ndi zitsulo zotalikitsitsa, ndipo yankho lagwa pansi pa ziro. Tanthauzo lake ndi lakuti patha kupezeka zitsulo zisanu ndi chimodzi, chilichonse chovomerezedwa ndi wopima, zimene zikakumana sekilipu singalowe, poti malo aperewera ndi 0.10. Mzere wachiwiri watembenuza zonse ndipo wapeza 0.80, kupitirira 0.60 imene inafunidwa. Pulani yagwa mbali zonse ziwiri.

Pali njira yachidule yotsimikizira kuti simunasokoneze zizindikiro, ndipo ndi imenenso njira yachiwiri ija imayambirapo. Muyeso uliwonse muulembe ngati nambala ya pakati ndi malire ofanana mbali zonse. Beyaling'i ikhala 14.94 ±0.06, sekilipu ikhala 1.17 ±0.03. Mukatero mpata wa pakati utuluka 0.35, osati 0.20 ija. Malire onse mukawaphatikiza, osasamala kuti muyeso wake unali wophatikiza kapena wochotsera, akwana 0.45. Chotsani 0.45 pa 0.35 mupeza −0.10, wonjezerani mupeza 0.80. Apa m'pamene ophunzira ambiri amapunthwa: miyeso imachotserana, koma malire sachotserana, amangounjikana.

Amene amaikira kumbuyo kuwerenga kotereku ali ndi mfundo imodzi imene sigwedezeka. Njira imeneyi sifunsa kanthu za amene akusema zitsulo. Makina akhale atsopano kapena otha, mmisiri akhale wodekha kapena wothamanga, zitsulo zikhale zitatu kapena zikwi zitatu, bola chilichonse chadutsa pa geji, lonjezo ndi lomwelo: mpata sudzatsika kuposa pamene tawerenga. Lonjezo limeneli limafika patali. Zaka zisanu zikadutsa, makaniko amene sanaonepo pulani adzagula beyaling'i ina, n'kuiveka pa shafiti yakale, ndipo idzalowa. Ndiponso zinthu zikakanika, wolakwa amadziwika msanga, chifukwa ngati pulani inawerengedwa bwino, ndiye kuti pali chitsulo chimene chatuluka m'malire ake, ndipo maikolomita ichiloza. Wogula ndi wosema safunika kukangana za mwayi.

Koma lonjezo limeneli lili ndi mtengo, ndipo shafiti yathu ikuuonetsa. Mpata wololedwa, kuyambira 0 mpaka 0.60, ndi ±0.30. Mabeyaling'i awiri ndi sekilipu adya kale 0.15. Yotsala ndi 0.15, yoti igawidwe pa zitsulo zitatu zosema tokha, ndiye kuti ±0.05 chilichonse, ndipo muyeso wa shafiti usunthire pa 81.35. Malire adulidwa pakati. Mmisiri amene pa ±0.10 ankadula kamodzi n'kupima ndi veniya, tsopano adula, aimitsa makina, apima ndi maikolomita, adulanso pang'ono. Ngati giya imakaumitsidwa pa moto ikatha kusemedwa, nkhope zake mwina zifunika kunoledwa pa gilayinda, poti moto umapotoza chitsulo. Zitsulo zotayidwa zichuluka, ndipo zambiri mwa izo zikanagwira ntchito popanda vuto. Ndalama zonsezi zikulipiridwa pofuna kudziteteza ku tsiku limene miyeso isanu ndi umodzi idzakhale pa malire ake oipa nthawi imodzi.

Otsutsa amafunsa kuti tsiku limenelo lidzafika liti, ndipo funso lawo ndi lomveka. Pamakina oyenda bwino, zitsulo zambiri zimatuluka pafupi ndi muyeso wa pakati, ndipo zofika kumalire zimakhala zochepa. Giya ikatalika pang'ono, kawirikawiri sipesa imene yakumana nayo imakhala ya pakati kapena yofupikirapo, motero kulakwitsa kwina kumafafaniza kunzake. Masamu a zimenezi amati malire asaphatikizidwe mwachindunji. Aliwonse achulukitsidwe ndi iwo eni, zotsatirazo ziphatikizidwe, kenako pafunidwe nambala imene ikadzichulukitsa yokha imapereka chiwerengerocho. M'mabuku njirayi imalembedwa kuti RSS.

```
sqrt(0.06^2 + 0.10^2 + 0.10^2 + 0.06^2 + 0.03^2 + 0.10^2) = 0.195
```

M'malo mwa ±0.45 tapeza pafupifupi ±0.20. Mpata wochepetsetsa wakhala 0.15, waukulu wakhala 0.55, ndipo pulani yomwe ija, imene yagwa mbali zonse ziwiri posachedwapa, tsopano yakhoza popanda kusintha nambala ngakhale imodzi. Ngati zitsulo zikutulukadi mounjikana pakati monga masamuwa amayembekezera, mwayi woti sekilipu ikane kulowa sufika ngakhale kamodzi pa mashafiti 10 miliyoni. Fakitale imene ikupanga magiyabokosi ambirimbiri pa mwezi ingakhale ikutaya ndalama dala itadula malire pakati chifukwa cha ngozi yosowa chonchi.

Mfundo yawo imalimbanso unyolo ukamatalika. Miyeso inayi ya malire ofanana, njira yoyamba imachulukitsa malirewo kanayi, yachiwiri kawiri kokha. Miyeso ikakhala 16, yoyamba imachulukitsa ka 16, yachiwiri kanayi. Pa unyolo wautali chotero, kuumirira kuwerengera zoipitsitsa kumabala malire oti palibe makina wamba angawakwanitse, kapena mpata waukulu woti makinawo sangagwire nawo ntchito. Pamenepo sindiona chifukwa choukakamirira, ndipo ndimavomereza kuti otsutsawo apambana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "ngati" amene ndalemba pamwambapa, chifukwa nambala yokoma ija ya 10 miliyoni yapachikika pa iwo. RSS imayembekezera zinthu zitatu: kuti makina aliwonse akulunjika pakati pa malire, kuti zitsulo zofika kumalire ndi zochepa kwambiri, ndiponso kuti kutalika kwa chitsulo china sikukhudzana ndi kwa chinzake. Tiyeni tichotse chimodzi chokha. Tiyerekeze kuti zitsulo siziunjikana pakati koma zamwazikana mofanana kuyambira malire ano mpaka enawo, monga zimakhalira mpeni wa makina ukamatha pang'onopang'ono ndipo mmisiri akaukonza pokhapokha wafika kumalire. Pa shafiti yathu, masamu omwewo a mwayi amapereka pafupifupi shafiti imodzi yokanika pa 5,000. Si zambiri, koma kuchoka pa 10 miliyoni kufika pa 5,000 ndi kugwa kwakukulu, ndipo pa pulani sipanasinthe chilichonse.

Choopsa chenicheni ndi choyamba chija, kulunjika pakati. Mmisiri wodziwa ntchito salunjika pakati. Amadziwa kuti chitsulo chikatalika atha kuchibweza pa makina n'kuchipalanso, koma chikafupika chatayika, ndipo amene adzafunsidwe ndi iye. Choncho amasiya nyama, monga amanenera okha. Giya amaisiya motalikirapo, sipesa chimodzimodzi. Nanga pa shafiti? Pamenepo mbali yotetezeka ndi kusiya mtunda wa paphewa ndi kangalande uli wofupikirapo, chifukwa phewa atha kulipalanso kuti mtundawo utalike, pamene sangalibwezeretse likapalidwa mopitirira. Taonani tsono kumene zizolowezi zitatuzi zikulozera: giya yaitali, sipesa yaitali, malo aafupi. Zonse zikukankhira mpata ku ziro. Palibe amene walakwa, aliyense wachita mwanzeru pa chitsulo chake, koma madzi saiwala khwawa, ndipo chizolowezi chotere chimabwereranso pa oda iliyonse.

Tiyerekeze oda imene magiya atuluka 30.09, masipesa 20.08, mashafiti 81.32, mabeyaling'i onse awiri 14.99 ndipo masekilipu 1.18. Palibe chimene chafika pa malire ake. Koma zitsulo zisanu zodya malo zikukwana 81.33, ndipo malo ndi 81.32. Sekilipu silowa, ndipo si pa shafiti imodzi yatsoka ayi, koma pa gawo lalikulu la oda yonse, chifukwa zitsulo zosemedwa tsiku limodzi pa makina amodzi zimafanana. Mabeyaling'i awiri ochokera m'bokosi limodzi nawonso akhoza kufanana kuposa mmene masamu a mwayi amayembekezera. Kulephera kwa RSS sikubwera mwa apo ndi apo, kumabwera mulu.

Odziwa masamuwa anaziona kale zimenezi. M'zaka za m'ma 1960, Arthur Bender anapereka uphungu woti yankho la RSS lizichulukitsidwa ndi 1.5, pofuna kuphimba kumwazikana kwa miyeso kumene sikuoneka pa pepala. Pa shafiti yathu zimenezi zimapereka ±0.29, ndiye kuti mpata wa 0.06 mpaka 0.64: mbali yaing'ono yapulumuka movutikira, yaikulu yadumpha malire pang'ono. Fritz Scholz wa ku Boeing, mu lipoti lake la 1995 lokhudza njira zophatikizira malire, anatenga nthawi yaitali pa nkhani yomweyi ya makina osalunjika pakati. Ndipo muyezo wa ku America wa ASME Y14.5, kuyambira mu 1994, uli ndi chizindikiro cha ST choikidwa pa muyeso umene malire ake anawerengedwa mwa mwayi, pofuna kuti wosema adziwe kuti chitsulocho chiyenera kupangidwa pa makina amene zotuluka zake zikupimidwa ndi kulembedwa mosalekeza. Ine ndimamva chizindikirochi ngati kuvomereza kwa eni njirayo kuti RSS ndi pangano la anthu awiri. Wojambula amamasula malire, wosema amalonjeza kukhala pakati ndi kuonetsa umboni. Popanda umboniwo, 0.15 ija ndi chiyembekezo chabe.

Komabe chilungamo chimafuna kuti tiunikenso dzina lakuti "zoipitsitsa", chifukwa nalonso limalonjeza zoposa zimene limapereka. Kuwerengaku kumangodziwa miyeso imene mwaika mu unyolo. Sipesa imene nkhope zake sizinadulidwe mowongoka imadya malo ochuluka kuposa mmene maikolomita yaonetsera pa malo amodzi. Kachitsulo kotsalira m'mphepete mwa bowo la giya kakhoza kuimika giyayo patali ndi beyaling'i. Pangodya ya phewa pamasiyidwa kakona kozungulira kuti shafiti isathyokerepo, ndipo kakonako kakakula kuposa 1 mm imene 6205 imalola, beyaling'i imakwera pakonapo osafika paphewa. Ndiye pali kutentha. Miyeso ya pa pulani ndi ya pa madigiri 20. Pa shafiti yathu zonse ndi zachitsulo ndipo zimafutukuka pafupifupi mofanana, koma unyolo ukadutsa m'bokosi la aluminiyamu, limene limafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, mtunda wa mamilimita 80 umasiyana ndi 0.05 kutentha kukakwera ndi madigiri 60. Munthu amene wawerenga mpata wochepetsetsa wa ziro ndendende, ngati uja tinapeza titadula malire pakati, n'kugona mtima uli m'malo, wadzinyenga. Ziro wa pa pepala amafuna zitsulo zoyera, zowongoka, zozizira, ndi sekilipu yolowa popanda ngakhale kampata kopumira.

Palinso msampha wa miyeso imene wojambula sanailembere malire. Pulani zambiri zili ndi mawu pakona akuti miyeso yotere itsate ISO 2768, gulu la m. Pa gulu limeneli muyeso wa 20 uli ndi ±0.2, ndipo wa 81.40 uli ndi ±0.3. Wojambula akaiwala kulemba ±0.10 pa shafiti, wosema ali ndi ufulu wonse wobweretsa 81.10, ndipo njira zonse ziwiri zidzakhala zitawerenga shafiti imene kulibe.

Vuto likafika pa benchi, lili ndi zizindikiro zake. Sekilipu imene yalowa bwino imamveka ikugwera m'kangalande, imazungulira mukaikankha ndi nsonga ya pulayazi, ndipo timakutu take timayandikana mofanana pa mashafiti onse. Ikakhala yothina osazungulira, kapena timakutu tatalikirana kuposa pa inzake, ndiye kuti yangokhala m'mphepete. Apa m'pamene womanga wotopa amatenga hamala. Sekilipu yokhomeredwa imaoneka ngati yakhala, koma katundu akakankha m'mbali imatumphuka, giya n'kutsetsereka. N'chifukwa chake sindiona mbali ziwiri za mpatawu ngati zolemera mofanana. Mpata ukafika 0.70 m'malo mwa 0.60, giya isewera mopitirira pang'ono, mwina phokoso liwonjezeka. Ukafika −0.01, pali shafiti yosamangika kapena, choipa kwambiri, yomangidwa mokakamiza.

Kusiyana kumeneku ndiko kumandipatsa poima. Palibe lamulo loti mbali zonse ziwiri ziweruzidwe ndi njira imodzi. Mbali yaing'ono, imene kulephera kwake kumawononga, ndimaiwerengera zoipitsitsa ndi kusiyako kampata kapadera. Mbali yaikulu, imene kulephera kwake kumapiririka, ndimalola mwayi uiweruze. Ndipo ndisanapanikize mmisiri ndi malire othina, ndimayamba ndafunsa ngati unyolo sungafupike. Pa shafiti yathu giya ndi sipesa zitha kusemedwa ngati chitsulo chimodzi cha 50 ±0.10. Muyeso umodzi wachoka, ndipo malire onse pamodzi atsika kuchoka pa 0.45 kufika pa 0.35. Tikasunthira shafiti pa 81.45 ±0.10, mpata wa pakati ukhala 0.40. Wochepetsetsa, zonse zitaipa, ndi 0.05, ndiye kuti sekilipu ilowa nthawi zonse. Waukulu mwa RSS ndi 0.57, mkati mwa 0.60 ija, ngakhale kuti zonse zitaipira mbali imeneyo ungafike 0.75. Palibe muyeso umene wathinitsidwa, ndipo chizolowezi cha amisiri chosiya nyama tsopano chikutithandiza, poti chimakankhira mpata kutali ndi mbali imene tadalira mwayi.

Wina anganene kuti giya ya thako lalitali imafuna chitsulo chochuluka ndi nthawi yochuluka yosema kuposa sipesa yodulidwa ku paipi, ndipo akunena zoona. Ngati mtengowo ndi waukulu, pali kuchitira mwina. Mutha kusiya mpata waukulu dala, n'kumaupima ndi fila geji pomanga, kenako n'kutsekapo ndi mashimu a DIN 988, amene amapezeka ochindikala 0.1, 0.2, 0.3 ndi 0.5. Pamenepo unyolo wonse walowedwa m'malo ndi kupima kumodzi, koma womanga aliyense, ngakhale makaniko wa zaka zisanu zikubwerazo, ayenera kudziwa kuti shimuyo ilipo ndi chifukwa chake, ndipo kawirikawiri kachitsulo kopyapyala kotere n'kamene kamagwera pansi pomasula. Muthanso kuchotsa sekilipu n'kuika ulusi wa M25×1.5 ndi nati ya KM5, imene imamanga zitsulo zonse paphewa kaya zatalika kaya zafupika. Mpata watha, koma mwalipira kudula ulusi ndi kampata ka washala yokhomera natiyo.

Kusankha pakati pa zonsezi kumatengera amene akusema ndi kuchuluka kwa zimene akusema. Fakitale imene ili ndi mabuku a miyeso ya magiya ake a miyezi yambiri, yodziwa pamene makina ake amalunjika ndi mmene amamwazira, ili ndi ufulu wodalira 0.15 ija, ndipo ingalakwe kuumirira ±0.05. Shopu imene yalandira oda ya mashafiti 20, yosemedwa ndi munthu mmodzi masana amodzi, ilibe mabuku otero, ndipo zitsulo 20 zofanana si khamu limene masamu a mwayi amalankhulira. Kwa shopu imeneyo mzere woyamba uja, wa −0.10, ndiwo woyenera kuukhulupirira, ndipo pulani ibwerere kwa wojambula chitsulo chisanadulidwe.